Kusungunuka, kusanduka, kumatirira: mpweya umayenda bwanji m'magazi?

Funso: "Ndimaphunzitsa bayoloje ku sekondale. Ndikafuna kuti ana amve bwino ndimati mpweya woipa umasungunuka m'magazi n'kupita ku mapapo. Mnzanga akuti 'kusungunuka' si mawu oyenera. Ndizinena bwanji?"

Aphunzitsi, mnzanuyo sakunama, koma mawuwo musawataye. Amangofotokoza imodzi mwa njira zitatu zimene mpweya mukunenawo, kaboni dayokisaidi, umayendera m'magazi, yaing'ono kwambirinso. Shuga akasungunuka mu tiyi saonekanso, koma akadali shuga yemweyo. Kaboni dayokisaidi amene amayenda chotero m'madzi a m'magazi ndi magawo 7 mpaka 10 okha pa 100 alionse.

Wochuluka, magawo pafupifupi 70, amasanduka, ndipo mneni ameneyu ndiye ndikufuna ana amugwire. Chinthu chikasanduka chimakhala china, dzina n'kusinthanso. Mpweyawu ukachoka m'minofu umalowa m'maselo ofiira a magazi. M'menemo muli enzaimu yotchedwa kaboniki anihaidiresi, imene imaulumikiza ndi madzi mofulumira zedi n'kupanga asidi. Asidiyo sachedwa kugawika:

```
CO2 + H2O ⇌ H2CO3 ⇌ H+ + HCO3-
```

HCO3- ameneyu ndiye bayikaboneti. Musavutike kumupezera dzina lina. Ana amamudziwa kale, chifukwa soda wothira mu therere ndi bayikaboneti wolumikizana ndi sodiyamu. Akapangika amatuluka m'selo kupita m'madzi a m'magazi, kulorayidi n'kulowa m'malo mwake, pamene H+ amagwidwa ndi himogulobini, puloteni ya m'maselo ofiira yonyamula okosijeni, kuti asidi asachuluke m'magazi.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi. M'makutu a mwana, kusanduka n'kwa mbululu imene ikakhala chule sibwereranso. Pano mivi yaloza uku ndi uku. Magazi akafika ku mapapo zonse zimayenda chobwerera, bayikaboneti amasandukanso mpweya, ife n'kuupumira kunja. Choncho kamphatikira ka "-nso" musakaiwale.

Wotsalayo, magawo 20 kapena kupitirirako pang'ono, amamatirira ku mapuloteni, makamaka himogulobini. Ine ndimakonda "kumatirira" kusiyana ndi "kusakanikirana", chifukwa chomatirira chimamatuka, ndipo ku mapapo amamatukadi. Musanene kuti amakhala pamalo pa okosijeni. Okosijeni amagwira pa ayironi wa himogulobini, pamene kaboni dayokisaidi amagwira mbali ya puloteni.

Mawu amene amandidetsa nkhawa m'chiganizo chanu ndi "mpweya woipa". Timawagwiritsanso ntchito ponena za kaboni monokisaidi, wochokera pa mbaula ya makala yoyaka m'nyumba yotseka. Ameneyo ndiye amalanda malo a okosijeni pa ayironi, amakakamirapo, ndipo amapha anthu ali m'tulo. Mwana akamva dzina limodzi pa mipweya iwiriyi adzaisokoneza. M'kalasi nenani "mpweya umene timapumira kunja", kenaka tchulani dzina lake lenileni, ndipo chiganizo chanu chikhale chotere: wina amasungunuka, wina amamatirira, koma wambiri amasanduka bayikaboneti.