Kolido yamdima ikufuna penti wanji?

"Abale, kolido ya nyumba yathu kuno ku Dedza ndi yopapatiza, ilibe zenera, ngakhale masana mumakhala bii. Ndipake penti wanji kukhoma, kusiling'i ndi m'mafelemu a zitseko?"

Mayi, musathamangire penti woyera mbee kukhomako. Woyera amawala pamene pali kuwala koti abweze. Pamalo opanda zenera amaoneka wotuwa ngati phulusa, ndipo kukachita chifunga cha mu Juni ndi Julaye kolido imaoneka yozizira kuposa kale. Sankhani kirimu wopepuka kwambiri, woyera wopita kuchikasu pang'ono chabe. Woyera mbeeyo musungire siling'i, chifukwa ndi imene ili pafupi ndi babu ndipo imabweza kuwala kutsikira pansi. Kumeneko pakani penti wa madzi wosanyezimira.

Koma chimene chimadetsa makolido ambiri ndi kamzere kakuda kam'munsi mwa khoma, kuphatikizapo mafelemu ndi zitseko zabulawuni. Ine kwathu ku Ntcheu ndinapenta makoma okha, kolido n'kukhalabe ngati khola. Nditaima pakhomo ndinazindikira kuti maso anga akutsata mizere iwiri yakuda ija, ndipo zitseko zinayi zinkaoneka ngati mauna. Ndinapala zonsezo ndi sandipepa, ndinapaka andakoti kawiri kuti wakuda asatulukire, kenako penti wa mafuta. Mafelemu ndi zitseko ndinazipatsa woyera, kamzere kam'munsi kirimu woderako pang'ono kuposa khoma, kuti madzi okolopera ndi mapazi a ana zisamaonekere msanga. Wa mafutayo asiyireni malo amenewa basi. Mukapaka khoma lonse, amaonetsa mabampu onse a pulasitala ndipo usiku amathobwa m'maso.

Kolido yanga ndi ya mamita 6 m'litali, mita imodzi m'lifupi, khoma lotalika mamita 2.5. Makoma awiri amakwana masikweya mita 30, kuchotsapo zitseko kutsala pafupifupi 23. Lita imodzi imapaka masikweya mita 8 mpaka 10, choncho kupaka kawiri kunandidyera chitini cha malita 5, ndipo siling'i inatha lita imodzi ndi theka. Yambani ndi siling'i, mutsikire kukhoma, mumalize ndi mafelemu.

Musanagule wambiri, pakani kachigawo kakang'ono pakati penipeni pa kolido, mukaone m'mawa, masana ndi usiku babu itayaka. Mtundu umene mwaukonda m'sitolo umasintha ukalowa mumdima.

Yang'ananinso m'munsi mwa khoma. Mukaona madontho akuda a nkhungu, kapena penti wakale akusupuka n'kumasiya ufa woyera kudzanja, ndiye kuti khomalo likumwa chinyezi, ndipo penti watsopano sachedwa kutupa. Konzani kaye kumene madzi akulowera, khoma liume, ndipo ntchitoyi muigwire mu Seputembala kapena Okutobala, zitseko zonse zili pululu kuti mphepo idutse.