Mapu a Dar es Salaam muwatsitsiretu muli ku Lusaka

"Ndimakhala ku Chawama, ndipo mwezi wamawa ndikupita ku Dar es Salaam pa basi kukaoda zovala ku Kariakoo. Simu yanga ikaleka kugwira tikadutsa Nakonde, mapu a m'foni adzandilondolerabe njira?"

Adzakulondolerani, mayi, bola muwatsitsiretu musanakwere basi. Kadontho kabuluu kosonyeza pamene mwaima sikadya bandulo, chifukwa foni imangomvera masetilaiti a GPS. Chimene chimafuna intaneti ndi chithunzi cha misewu, ndiye chimenecho muchisunge m'foni muli pa waifayi kuno.

Tsegulani Google Maps, dinani chithunzi chanu kumtunda chakumanja, sankhani Offline maps, kenako Select your own map. Pabwera bokosi, ndiye sunthani mapu mpaka Dar es Salaam alowemo, poti chimene chili m'kati mwake ndicho chidzasungidwe. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amaika bokosi pa Kariakoo penipeni, chonsecho siteshoni yaikulu ya mabasi akutali, ya Magufuli, ili ku Mbezi, kunja kwa tauni. Munthu amatsika basi usiku, n'kupeza foni ikuonetsa kadontho pamalo opanda misewu. Tsinani mapuwo ndi zala ziwiri mpaka Mbezi, Kariakoo ndi gombe la nyanja zonse zilowe m'bokosi. Foni ikuuzani malo amene mapuwo adzadye, ndiyeno dinani Download.

Koma chimene chimandiwawa n'chakuti anthu amauzana kuti ukatero basi zatheka. Sizoona. Popanda intaneti, Google Maps imapereka njira ya galimoto yokha. Ya wapansi sipereka, ya mabasi a m'tauni sipereka, ndiponso siidziwa kumene magalimoto athithikana. Nanga wooda katundu ku Kariakoo amayenda pa galimoto? Amayenda pansi, thumba lili pamutu, pamene njira ya galimoto imakuzungulitsa potsata misewu yolowera mbali imodzi. N'chifukwa chake ndikuti muikenso Organic Maps, yomwe ndi yaulere ndipo imalondolera woyenda pansi ngakhale palibe netiweki. Nayonso imafuna kuti mutsitsiretu mapu a ku Tanzania. Ikanimo chizindikiro pa nyumba imene mukagone, poti mayina a malo ang'onoang'ono ogona alendo sapezeka nthawi zonse mukawasaka.

Yesani musananyamuke

Yatsani Airplane mode, koma Location ikhale yoyaka. Funsani Google Maps njira yochokera ku Mbezi kupita ku Kariakoo. Mzere ukatuluka, mapu alimo. Ikakana, ndiye kuti bokosi linachepa kapena kutsitsa kunadukira panjira. Onaninso tsiku limene mapuwo adzathe ntchito, lalembedwa pa Offline maps pomwepo.

Mukafika, kadontho kangachedwe mphindi zingapo kuti kakhazikike, popeza popanda netiweki foni imasaka yokha masetilaiti. Imani panja poonekera thambo, osati pansi pa denga la siteshoni, ndipo batire likhale lodzaza chifukwa ulendowu umapitirira tsiku lathunthu.