Lesitilanti imadzaza koma ndalama sizikuoneka

"Ndili ndi kalesitilanti ku Limbe. Masana anthu amadzaza, koma mwezi ukatha lendi ndimachita kukongola. Mitengo ndinangotengera kwa oyandikana nawo. Ndiwerengere bwanji mtengo wa mbale?"

Achemwali, oyandikana nawowo simukudziwa lendi yawo, simukudziwanso kuti nkhuku amaidula nthuli zingati. Yambirani pa mbale imene imatuluka kwambiri, ndiyerekeze kuti ndi nsima ya nkhuku. Manambala ndiikewa ndi ongophunzirira, inu muikemo mitengo imene mwagulira sabata ino mumsika wa Limbe.

Nkhuku mwagula K12,000 ndipo mwaidula nthuli 8, ndiye nthuli imodzi ndi K1,500. Ufa wa mitanda iwiri K300, masamba K200, mafuta, tomato, anyezi ndi mchere K400. Mbale yakudyerani K2,400. Ngati mukugulitsa K6,000, gawani 2,400 ndi 6,000, mupeza 0.40, ndiye kuti 40 peresenti. Kutanthauza kuti pa K100 iliyonse yolowa m'kabati, K40 yabwerera kumsika, ndipo K60 yotsalayo ndi imene ilipire makala, lendi, madzi, magetsi, antchito, kenako inuyo. Ambiri pantchitoyi amayesetsa kuti zakudya zisapitirire 30 mpaka 35 peresenti. Mukafuna 35, gawani 2,400 ndi 0.35, mtengo ukubwera pafupifupi K6,900. Mwina makasitomala anu a masana sangafikepo, nchifukwa chake ndikuti musathamangire kukweza mtengo musanayang'ane mpeni ndi chipande.

Pamenepa ndi pamene ine ndinaluzira ndalama miyezi yambiri. Wophika wanga anali wadzanja lopatsa, nkhuku ankaidula 6 m'malo mwa 8. Nthuli yachoka pa K1,500 kufika K2,000, mbale yafika K2,900, peresenti yalumpha kufika 48, mtengo pabolodi uli womwewo. K500 pa mbale ikuoneka yochepa, koma pa mbale 40 ndi K20,000 patsiku, pa masiku 26 ndi K520,000. Kasitomala amayamika, amabweranso ndi anzake, ndipo akamachuluka dzenje limakulanso. Kudziwa kwake nkosavuta. Mwaphika nkhuku zisanu, mukuyenera kulandira ndalama za mbale 40. Zikatha pa mbale 31, vuto mwaliona. Nsimanso chimodzimodzi, chipande chikhale chimodzi, mitanda iwiri, wofuna wachitatu alipire. Mafuta musamasiye chigubu chonse pambali pa mbaula, yezerani a tsikulo m'botolo.

Tsono musanamizidwe ndi peresenti yokha, chifukwa lendi salipira ndi peresenti. Nsima ya nyemba ingakudyereni K900 nkugulitsa K3,000, ndiye 30 peresenti, yokongola papepala, koma yatsala ndi K2,100, komanso nyemba zimadya makala ambiri. Nkhuku ija, pa 40 peresenti, ikusiya K3,600. Chambo choti nsombayo mwagula K4,100, zina zonse K900, mukagulitsa K10,000 ndi 50 peresenti, koma chasiya K5,000. Ndiye chulukitsani ndi mbale zotuluka. Nkhuku 40 zikupatsani K144,000, nyemba 30 K63,000, chambo 5 K25,000. Mukagula zambo 7 nkugulitsa 5, magetsi nkuzima usiku ziwirizo nkuonongeka, K8,200 yapita. Ine chambo ndimagula chochepa, chikatha chatha.

Mukaona choncho mudziwa kuti bizinesi yanu yakhala pa nkhuku. K500 yoonjezera pamenepo ikubweretsa K20,000 patsiku, pomwe K1,000 yoonjezera pa chambo ndi K5,000 basi. Nyemba zisiyeni zotsika mtengo, ndi zimene zimasunga makasitomala mwezi ukafika pakati m'matumba mwauma. Chakudya chimene chikutuluka mbale ziwiri patsiku, phindu lakenso lochepa, chifufuteni pabolodi.

Kuti manambalawa akhale enieni, gulani kope. Kwa masabata awiri wolandira ndalama azilemba kamzere pa mbale iliyonse yotuluka. Lolemba m'mawa werengani mtengo wa zakudya zimene zili m'sitolo, onjezani zonse mwagula sabatayo, chotsani zotsala Loweruka madzulo, yankholo mugawe ndi ndalama zonse mwagulitsa. Ngati mbale ndi mbale munapeza cha m'ma 38 koma sabata yatulutsa 50, kusiyanako kuli mu nthuli zazikulu, zotsala zotayidwa, chakudya cha antchito chimene simunachiwerengere, ngongole za "ndidzalipira pa malipiro", kapena ndiwo zotulukira kukhomo lakuseri. Timabokosi totengera chakudya tiikeninso pa mtengo wa mbale, ambiri amatiiwala.

Muwerengenso mu Januwale ndi Febuluwale, chimanga chikakwera, tomato atavuta ndi mvula. Mtengo umene munaika mu Meyi, anthu atangokolola, nthawi imeneyo sukwaniranso.