Adivansi ya kuntchito: yanga inatha koma kudula sikunasiye

"Abale ndithandizeni maganizo. Kuntchito andivomera adivansi ya K300,000, akuti azindidula pa salale mwezi ndi mwezi. Nditenge kapena pali chinyengo chomwe sindikuchiona?"

Achimwene mwandikumbutsa zowawa, ndalama yake yomweyo ndendende K300,000, ine ndinatenga mu Juni 2023 mayi anga atadwalika kumudzi kufunika kuwabweretsa kutauni, thiransipoti, mankhwala ogula, zakudya za owadikirira kuchipatala, mukudziwa kale mmene zimakhalira. Fomu ndinasayina nditaimirira, osawerenga n'komwe, mutu unali kwa mayi. Tinagwirizana pakamwa ndi a akaunti kuti miyezi 6, K50,000 mwezi uliwonse, kuyambira Julaye kuthera Disembala. Pafomupo panangolembedwa ndalama yonse ndi ya pamwezi, mwezi womaliza sanalembe, ndipo kope langa sanandipatse. Apa ndi pomwe ndinadzipha ndekha koma nthawi imeneyo ndimawathokoza mpaka kuwomba m'manja.

Choyamba chomwe chinandidzidzimutsa ndi choti ine masamu ndinapangira pa salale ya pa kalata yolembedwera ntchito, K350,000, ndimvekere 50 pa 350 si nkhani. Iyayi. Adivansi sachotsa pamwamba kuti msonkho uchepe, msonkho amawerengera pa salale yonse ngati kuti simunakongole kanthu, penshoni 5 peresenti ija nayonso imachoka bwinobwino, kenako adivansi imadya pa zotsalazo. Ine zimatsala K270,000, ndiye kuchotsa 50 ndimalandira K220,000, lendi 80, fizi ya ana awiri, magetsi, madzi, minibasi tsiku ndi tsiku. Pofika pa 15 thumba mbee.

Ndiye ndinatopa nazo, mu Okutobala nditagulitsa soya wa kumudzi ndinati ndithane nayo ngongoleyi Khrisimasi isanafike. Anali atadula kale Julaye, Ogasiti, Seputembala, ndipo ya Okutobala ikadulidwa ikhala K200,000, kutsala K100,000. Ndinatenga 100 yo kashi m'envulopu kukapereka kwa mkulu wa akaunti uja mu ofesi mwake, anawerenga pamaso panga, kuika mu dirowa, akuti buku la malisiti lili ndi kashiya wapita kubanki, mubwere mawa mayi. Mawa lake ali mu miting'i. Mkuja wake wapita kumaliro. Ine n'kuiwala, poti munthu timadya naye nsima limodzi pa lanchi, ana ake amandiitana anti.

Novembala meseji ya kubanki kulowa, K220,000. Mwezi womwewo ndi uja kwacha inagwa ndi 44 peresenti, shuga, mafuta ophikira, sopo zonse kukwera sabata imodzi. Ndinathamangira ku ofesi kwake, akuti pepani peyirolo inali itatsekedwa kale pa 20, tikonza Disembala mudzalandira zonse pamodzi. Disembala, 220 kachiwiri. Akuti tinathamangitsa malipiro chifukwa cha holide. Ndinameza.

Koma Januwale abale. Sindidzaiwala. Ndinali pa mzere kubanki ndi silipi ya fizi m'manja nditalemba kale ndalama yake, mwana ali kunyumba wabwezedwa kusukulu kawiri, foni kulira, kuyang'ana, K220,000. Mwezi wa 7! Ngakhale tiyerekeze kuti 100 ija sindinapereke, ngongole inayenera kutha Disembala. Miyendo inazizira, ndinachoka pa mzere kukakhala pa khonde la banki ngati wopemphetsa, mlonda mpaka kundifunsa kuti mayi mwaberedwa? Ndinati eya ndaberedwa koma wakuba wake ali ndi tayi. Tsiku limenelo ndinakatenga katapila wa K60,000 wobweza 90 kutha kwa mwezi, ine amene ndinatenga adivansi pothawa katapila yemweyo.

Lolemba ndinakalowa kwa bwana wamkulu osagogoda. Ataitana mtsikana amene amalowetsa malipiro mu kompyuta ndi pomwe zinadziwika. Adivansi yanga anailowetsa ngati chodula chokhazikika, ngati mmene amalowetsera ya SACCO kapena ya chithandizo cha maliro, malo olemba mwezi wothera anasiya opanda kanthu, ndiye makina amangodula 50 mwezi uliwonse mpaka munthu atakaimitsa ndi dzanja. Ikanadula mpaka ndikanapuma ntchito. Ndipo chizindikiro chinalipo pa peyisilipi miyezi yonseyi, ine osachiona: mzere wa adivansi umangoonetsa 50,000 basi, pomwe mnzanga wa desiki yoyandikana yake imaonetsa yodulidwa ndi yotsala pambali pake, ikutsika mwezi ndi mwezi. Mukaona yanu ilibe yotsala, dziwani kuti palibe akuwerenga.

Anasindikiza sitetimenti ya akaunti yanga ya ngongole za antchito. Mbali imodzi 300,000 yomwe anandipatsa, mbali inayo ma 50,000 asanu ndi awiri, 350,000. Ndiye 50 ya Januwale inaoneka yokha kuti kampani ndi yomwe ili ndi ngongole kwa ine, anandibwezera mu Febuluwale. Nanga 100 ya m'envulopu? Mulibe. Paliponse mulibe. Mkulu uja anandiyang'ana m'maso, pamaso pa bwana, n'kunena kuti mayi mwina mwasokoneza ndi za banki m'khonde, ine sindilandira kashi, kashi amalandira kashiya. Munthu wa mpingo ameneyo, amatsogolera mapemphero a m'mawa pa ofesi! Ndinalira ndi mkwiyo, bwana akuti popanda lisiti palibe chomwe ndingachite. Ndinapita ku ofesi ya leba, anandimvera bwino, funso loyamba, muli ndi pepala lililonse? Ndinalibe. Ya soya wanga inapita choncho, mpaka lero tikakumana pa geti amandipatsa moni ngati palibe chinachitika, mxii.

Ndiye inu tengani achimwene, musaope, olo ine mawa zitandithina ndikatenganso. Kwathu adivansi inalibe chiwongoladzanja, 300 ubweza 300, yerekezani ndi katapila uja wa 60 kubweza 90 mwezi umodzi. Ingofunsani kaye ngati kwanuko saikapo kanthu pamwamba chifukwa malo ena ikadutsa miyezi itatu amaitcha loni ya antchito n'kuikapo kachiwongoladzanja. Fomu ilembedwe mwezi woyamba kudula ndi mwezi womaliza, osati "miyezi 6" chabe, ndipo muijambule pa foni isanachoke m'manja mwanu. Masamu pangirani pa ndalama imene imalowa ku akaunti osati ya pa kalata, ndipo ngati muli kale ndi loni ya kubanki yodula pa salale muichotsenso kaye muone chotsala ngati chikukufikitsani kumapeto kwa mwezi. Funsaninso kuti mukasiya ntchito isanathe zikhala bwanji, ambiri yotsalayo amaidula yonse kamodzi pa malipiro omaliza, mnzanga wina anatuluka ndi K12,000 yokha atagwira mwezi wathunthu.

Ndipo mukapeza ndalama pakati bwezani msanga muthane nayo, kudulidwa miyezi 6 kumatopetsa, koma kudzera kubanki mu akaunti ya kampani, silipi musunge, kope mupereke wina asayine kuti walandira. Kashi m'manja mwa munthu ayi, olo akhale mlamu wanu. Mwezi womaliza pitani kwa wa peyirolo pasanafike pa 20 mukaime kumbuyo kwake muone ndi maso anu akuichotsa mu kompyuta.