Ndadina kawiri, ndalama zachoka kawiri: ndidandaule bwanji?

*A loya, ndinagula pampu yothirira pa intaneti kusitolo ina ya ku Lilongwe, ya K240,000, ndi khadi ya kubanki. Netiweki inkavuta, ndiye nditadina "Pay" sizinayende, ndinadinanso. Mauthenga anabwera awiri, onse a K240,000. Pampu inabwera imodzi. Kubanki ku Salima anangoti ndidikire, lero ndi tsiku la 9. Asitolo akuti iwo analandira kamodzi. Alamu anga akuti ndikalembe kubanki kuti andibera kuti zifulumire. Nditani?*
*Mlimi wa ku Lifuwu, Salima*

Bambo, za alamu anuzo musachite. Ndifikako, koma poyamba tidziwe ngati ndalama yachiwiriyo inachokadi, chifukwa uthenga wa pafoni si umboni woti yachoka.

Mukalipira ndi khadi, zinthu zimachitika pawiri. Poyamba banki ya sitolo imafunsa banki yanu ngati muli ndi K240,000. Banki yanu ikavomera, imaimanga ndalamayo kuti musaigwiritse ntchito, koma imakhala ikadali muakaunti mwanu. N'chimodzimodzi thumba la mpunga limene wogula walemba dzina lake koma likadali m'nkhokwe mwanu. Uthenga umabwera pa nthawi imeneyi. Kenako, mwina mawa lake kapena patapita masiku angapo, sitolo imatumiza kuti ikatenge ndalamayo, ndipo apa m'pamene imachoka zenizeni n'kulembedwa m'sitetimenti. Ngati sitolo sinatenge, chomangacho chimamasuka chokha. Kawirikawiri zimatenga pafupifupi sabata, ngakhale zina, monga za mahotela, zimatha kufika masiku 30. Choncho n'zotheka kuti asitolo akunena zoona kuti analandira kamodzi, inunso mukunena zoona kuti ndalama zanu zaperewera.

Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Tinene kuti munali ndi K600,000. Yang'anani manambala awiri amene banki imaonetsa: "Current balance" (ena amalemba "Ledger balance") ndi "Available balance". Ngati yoyamba ikuti K360,000 ndipo yachiwiri ikuti K120,000, ndiye kuti K240,000 imodzi yachoka, inayo yangomangidwa, ndipo mwina muona mawu akuti "Pending" pambali pake. Ngati onse awiri akuti K120,000, zachoka zonse ziwiri. Tindalama ta banki tingasinthe manambalawo pang'ono, koma kusiyana kwa K240,000 sikungabisike. Pemphani sitetimenti ya papepala yodindidwa, kuyambira tsiku limene munagula mpaka lero. Wapakauntala amene anakuuzani kuti "dikirani" akanatha kuona zimenezi pakompyuta yake m'mphindi ziwiri n'kukuuzani chimene mukudikira. Chifukwa chake sanatero, akudziwa ndi iyeyo.

Ikakhala yongomangidwa, palibe choti mubwezeredwe chifukwa palibe chatengedwa, ndipo banki nthawi zambiri silandira dandaulo pa ndalama imene sinalembedwe kuti yachoka. Chimene mungachite ndi kupempha asitolo alembe kalata yonena kuti malipiro achiwiriwo sadzawatenga, atchule tsiku, ndalama ndi nambala ya chilolezo imene banki inapereka povomera malipirowo, inu mukaipereke kubanki kuti amasule. Mabanki ena amamasula msanga, ena amaumirira kuti nthawi yake ithe. Muzionanso akauntiyo, chifukwa yomangidwa ikhoza kusanduka yochoka ngati makina a sitolo anaona kudina kwanuko ngati maoda awiri.

Tsopano ikakhala kuti zachoka zonse ziwiri, apa m'pamene ndaona anthu akudziwonongera okha nkhani yabwinobwino. Kubanki adzakupatsani fomu yodandaulira, ndipo pafomupo pamakhala mabokosi osankha chifukwa. Lina limati simunaloleze malipirowo, lina limati mwalipitsidwa kawiri pa chinthu chimodzi. Munthu wokwiya, wolangizidwa ndi achibale ngati alamu anuwa, amasankha loyambalo poganiza kuti mawu akuti "kuba" amawadzidzimutsa abanki. Amadzidzimukadi: amatseka khadi yanu tsiku lomwelo. Kenako amafufuza funso limene mwawapatsa, loti kodi analipira ndinu kapena wina. Amapeza kuti zinachokera pafoni yanu, nambala yachinsinsi ija anakutumizirani munailowetsa nokha, mwinanso kawiri konse, ndipo pampu munasainira. Dandaulo lagwa. Lagwa moyenera, chifukwa palibe anakuberani.

Ndinathandizapo mayi wina wa ku Nkhotakota amene anachita zomwezi pa ndalama ya malo ogona. Pomwe amafika kwa ine, fomu yake yosaina yonena kuti sakudziwa za malipirowo inali kale m'faelo, pamodzi ndi umboni woti anagona pamalopo. Titalemba kalata yachiwiri yonena zoona, yankho loyamba linali lakuti nkhaniyo inatsekedwa, ndipo kulikonse kumene tinapita ankayamba atifunsa chifukwa chake anasintha mawu. Makampani a makhadi ali ndi malamulo awoawo obwezera ndalama, ndipo chifukwa chilichonse chili ndi njira yake ndi nthawi yake. Pa khadi ya Visa, dandaulo la kulipitsidwa kawiri limayenera kulowa pasanathe masiku 120 kuchokera pamene malipirowo analembedwa, ndipo banki yanu ikhoza kukhala ndi malire aafupi kuposa amenewo m'pangano limene munasaina potenga khadi. Masiku amene amathera pa dandaulo lolakwika sabwerera. Masiku a "dikirani" wapakamwa nawonso amawerengedwa.

Lembani zimene zinachitika basi: ndinagula pampu imodzi pa K240,000, ndinadina kawiri chifukwa cha netiweki, zachoka kawiri, malipiro oyamba ndikuwavomereza, achiwiri ndikuwakana. Kuvomera kuti munadina nokha sikukuphani. Lamulo limene makhoti athu amatsata ndi lakuti ndalama yolipidwa molakwitsa, wolandirayo alibe ufulu woisunga popanda chimene wapereka. Sindingakulonjezeni kuti banki ibweza kudzera m'njira ya khadi, chifukwa sitolo ikhoza kuyankha kuti panali maoda awiri osiyana, aliyense ndi nambala yake. Ikatero, funso limasanduka lakuti pampu yachiwiri ili kuti, ndipo pamenepo mwaima bwino. Akakutumizirani pampu ina musailandire, mukailandira mwagula ziwiri.

Zotsalazo mwachidule. Dandaulo likhale lolemba, m'makope awiri, lanulo alidinde ndi tsiku ndipo akupatseni nambala ya dandaulo. Phatikizani sitetimenti, lisiti, zithunzi za mauthenga awiri aja ndi chikalata cholandirira katundu. Mauthengawo musafufute. Lemberaninso asitolo tsiku lomwelo, muwapatse masiku 7 kuti abweze kapena aonetse kuchokera kubanki yawo kuti analandira kamodzi. Za pafoni zokhazokha sizikuthandizani. Banki ikangokhala chete kapena ikakana popanda chifukwa chomveka, kadandauleni ku Banki Yaikulu ya dziko lino, imene imayang'anira mabanki pansi pa lamulo la ntchito za chuma la 2010, koma kumeneko adzayamba akufunsani umboni woti munadandaula kaye kubanki yanu. Sitolo ikakana kubweza, pali bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, komanso khoti la majisitireti, kumene ndalama ngati imeneyi mungasumire nokha popanda loya. Kupolisi kulibe chanu pakadali pano.

Chomaliza, poti ambiri kuno amalipira ndi ndalama za pafoni osati khadi: kumeneko nthawi zambiri kulibe zomanga. Mukaona mauthenga awiri okhala ndi manambala a malipiro osiyana, ndipo ndalama yotsala yatsika kawiri, zachoka kawiri, ndipo muimbire kampani ya ndalama za pafoniyo tsiku lomwelo wolandirayo asanazitape.