Loko ikani pa pulofayilo ya akulu, osati ya ana

"Abale ndithandizeni, achimwene a ku Joni anatilumikizira Netflix pa TV kuno ku Luchenza koma ana akungoonera chilichonse. Pamatuluka 16+, 18+, pena TV-MA, kwina akuti PIN, ine sindikumvapo kanthu."

Mayi, aja akuti muzibisa limoti asiyeni, mwana wa masiku ano limoti amayipeza ngakhale muyiike m'thumba la ufa. Choyamba pemphani achimwenewo pasiwedi ya akaunti chifukwa popanda imeneyo simusintha kalikonse, ndipo musavutike pa TV, lowani pa netflix.com pa foni kenako Account, Profiles.

Manambalawo ndi zaka. 7+ ndiye kuti mwana wa zaka 7 kupita m'mwamba, chimodzimodzi 13+, 16+, 18+. Zilembozo ndi za ku America, TV-Y ndi TV-G ndi za ana, TV-14 ndi zaka 14, koma TV-MA, R ndi NC-17 ndi za akuluakulu basi, muli zolaula, kutukwana ndi kuphana. Ndipo musapusitsidwe ndi makatuni, alipo ambiri a 18+, muziwerenga nambala osati kuona chithunzi.

Ndiye tinene mwana wanu ali ndi zaka 9. Tsegulani pulofayilo yake, pezani Viewing Restrictions, musankhe 7+ ndikudina Save, zonse zoposera pamenepo sizionekanso kwa iye. Pomwepo pali Title Restrictions polemba dzina la filimu yomwe simukuifuna ngakhale ili ya msinkhu wake.

Koma apa ndi pomwe anthu amalakwitsa, chonde mvetsetsani. PIN ija, manambala 4, imaikidwa pa Profile Lock ya pulofayilo YANU ndi ya wamkulu aliyense m'nyumbamo, osati ya mwana. Kwa mlamu wanga ku Chitakale anaitana mnyamata wina wokonza mafoni, anamulipira mwina K3,000, iye anakhoma pulofayilo ya ana nkusiya ya bambo pululu, ana amangodina dzina la bambo awo nkumaonera za 18+ mpaka mlamu anadzazindikira ataona zachilendo pa Continue Watching, zinandiwawa kwambiri chifukwa wamng'ono ali sitandade 3. Ndiye pa Profile Lock ya pulofayilo yaikulu, ya mwini akaunti, chongani kabokosi kolembedwa Require PIN to add new profiles, apo ayi mwana amangotsegula pulofayilo yatsopano yopanda malire, akaunti imalola mpaka 5.

PIN isakhale 1234 kapena chaka chobadwa, ndipo musailembe ana akuyang'ana. Pasiwedi ya akaunti asaidziwenso chifukwa nayo munthu amasintha PIN. Mukamaliza khalani pa TV mulowe ngati mwana, musake filimu ya 18+, ikatuluka ndiye kuti Save simunadine kapena TV sinalandire, tulukani mulowenso. Ndipo dziwani kuti lokoyi ndi ya Netflix yokha, YouTube ya pa TV yomweyo imakhalabe yotsegula, imeneyo ili ndi zake zosintha.