Modelo yanga ikusungunuka ngati sopo: kirizi kapena malupu?

"Achimwene, ndikupanga pawabanki mu Blender ya otsatsa malonda. Ndikaika Subdivision Surface makona onse akusungunuka, ikukhala ngati sopo wotha. Ndinayesa kirizi ya Shift+E mpaka 1, yathwa koma renda ikuoneka yabodza komanso pali timithunzi takuda m'mbali. Nditaika malupu ambiri kumsana kokhota kwatuluka mizere. Ndigwiritse chiti pa ziwirizi?"

Zikomo achimwene polemba. Pa pawabanki yoti iwonekere pafupi pa chithunzi cha malonda, ine ndingapite ndi malupu, kirizi ndimaisungira ntchito zina zomwe ndinena kumapeto. Koma muyambe mwadziwa chomwe modifaya ija imachita, apo ayi muzingokankha malupu mongoyerekeza mpaka usiku.

Njira yomwe Blender imagwiritsa ntchito ndi ya Catmull-Clark, anaitulutsa Edwin Catmull ndi Jim Clark mu 1978. Pa levulo iliyonse fesi ya makona anayi imagawidwa panayi, ndiye kiyubu ya mafesi 6 imakhala 24, kenako 96, kenako 384. Koma sikugawa kokha ayi, vetekisi iliyonse imakokedwa kupita chapakati pa anzake oyandikana nawo. Nkhani yonse ili pamenepo. Vetekisi ya pakona ikakhala kuti anzake ali kutali, imakokedwa mtunda wautali, kona yonse kutheratu. Anzake akakhala pafupi imasuntha pang'ono chabe chifukwa komwe akuikokerako ndi pompo. Lupu yothandizira ndi imeneyo basi, mukuipatsa eji neba wapafupi kuti isapite patali. Mtunda wa pakati pa eji ndi lupu ndi womwe umanena kuti kona ikhala yozungulira motani.

Kirizi ndi nkhani ina. Simukuonjezera kalikonse pa meshi, mukungouza kompyuta kuti pa eji iyi lamulo lokoka lija lidikire kaye. Maganizo a kirizi yapakatikati, yosathwa kwambiri, anachokera ku Pixar nthawi yomwe ankapanga Geri's Game mu 1997, ndipo kuyambira Blender 2.80 masamu ake amachitidwa ndi OpenSubdiv ya Pixar yomweyo. Mu OpenSubdiv kuthwa kwa 2 kumatanthauza kuti eji ikhale yakuthwa pa magawo awiri oyamba kenako iyambe kufewa, ndipo 10 ndi kuthwa kosatha. Blender imatenga nambala yanu ya 0 mpaka 1 ija nkuisintha chonchi:

```
sharpness = crease * crease * 10
```

Tawerengani. Kirizi ya 0.3 ikupereka 0.9, ya 0.5 ikupereka 2.5, ya 0.7 ikupereka 4.9. Ndiye ngati muli pa levulo 2, chilichonse chopitirira cha m'ma 0.5 chimaoneka pafupifupi chimodzimodzi, chifukwa kufewa kwake kukuchitikira pa kadanga kakang'ono kuposa mafesi omwe muli nawo, palibe mavetekisi oti akuonetseni. Ndi chifukwa chake anthu amadandaula kuti silaida ija imangodumpha kuchoka pa sopo kufika pa lumo. Sikuti yaonongeka, malo ogwira ntchito ali pansi, cha pa 0.2 mpaka 0.5, ndipo kuti muone kona yozungulira bwino pamafunika levulo 3 kapena 4, pomwe laputopu imayamba kulira.

Za timithunzi takuda tija: mwathwetsa eji koma Shade Smooth ikuyesabe kusakaniza kuwala kwa mafesi awiri omwe akumana mopingasa, ndiye imapaka mthunzi wosayenera. Mukasankha ma eji omwewo nkupanga Mark Sharp zimatha. Kuyambira Blender 4.1 zimagwira zokha, m'mavesheni akale mumayenera kuyatsa Auto Smooth kaye. Koma ngakhale mukonze zimenezo renda idzaonekabe yabodza, chifukwa tengani pawabanki yeniyeni muiyang'ane pawindo, m'mphepete muli kamzere kowala. Kamzereko kamabwera chifukwa pulasitiki ndi yozungulira pang'ono pamenepo, mwina milimita imodzi, ndipo diso limazindikira chinthu chenicheni ndi kameneko. Kirizi ya 1 ilibe m'lifupi, kuwala kulibe pogwira.

Tiyeni tipange yanuyo. Ndingoganiza kuti ndi 140 mm m'litali, 70 mm m'lifupi, 15 mm kunenepa. Lembani manambalawo pa Dimensions mu panelo ya N, kenako Ctrl+A nkusankha Scale. Osadumpha izi chonde, mukapanda kutero bevo ndi inseti zimatuluka zazikulu mbali ina zazing'ono mbali ina ndipo mudzataya ola lonse mukufufuza. Chinthucho ndi chaching'ono, ndiye chikamadukaduka mukamayandikira, tsitsani Clip Start pa tabu ya View ikhale 1 mm.

Ambiri apa amangomenya Ctrl+R malupu awiri mbali zonse zitatu. Mafesi 54, pa levulo 2 akhala 864, bokosi laima bwino. Koma muona vuto: makona anayi a pawabanki, amene mumawaona mukaiyang'ana kuchokera pamwamba, ndi ozungulira kwambiri, tinene 8 mm, pomwe mphepete ya pamwamba ndi 1 mm yokha. Lupu yomwe mwaika pamwamba kuti igwire mphepete yaitali siimira pomwepo, imatsika kumutu kwa bokosi nkukadutsa pafupi ndi kona ija, nayonso nkuithwetsa. Lupu imodzi ikugwira ntchito ziwiri, ina simunaitume. Muikankhire kutali kona ikhala bwino mphepete ifewa, muibweretse pafupi zitembenuka.

Ndiye lupu izizungulira motsatira mphepete, osati kudula bokosi lonse. Pa bokosi losadulidwa, sankhani ma eji anayi oimirira a m'makona aja, Ctrl+B, Width 8 mm, Segments 2. Pamwamba ndi pansi pakhala fesi imodzi ya makona 12, musaope. Sankhani mafesi awiriwo, dinani I, Thickness 1 mm. Mwapeza lupu yozungulira mphepete yonse ngati mpendero wa nsalu. Dinaninso I kachiwiri, 3 mm kapena 4 mm, kuti pakhale mzere wina wa mafesi athyathyathya pakati pa mphepete ndi fesi yaikulu ija. Za m'mbali: Ctrl+R lupu imodzi yozungulira m'chiuno, kiliki ya kumanja kuti ikhale pakati, kenako Ctrl+B pa lupu yomweyo ndi Width 6.5 mm, Segments 1, igawika pawiri ndipo iliyonse ikhala 1 mm kuchokera ku mphepete. Tsopano bwererani ku Object Mode ndi Tab, kenako Ctrl+2. Mbali zazitali zikaoneka ngati zatupa pang'ono, ikani lupu yoimirira pafupi ndi pomwe kona ikuthera, mwina 5 mm kuchokera pamenepo, kuti kukhotako kuthere pompo kusalowe m'mbali yoongoka.

Fesi ya makona ambiri ija anthu amaiopa ngati mfiti, koma pamalo athyathyathya pomwe anzake onse ozungulira nawonso ndi athyathyathya, mavetekisi akokedwe bwanji amangoyenda pa thyathyathya pomwepo, palibe chotupa. Chimodzimodzi mavetekisi omwe pakumana ma eji 3 kapena 5. Vuto lawo limaoneka pokhota.

Apa ndi pomwe pali funso lanu la kumsana. Malo okhota amaoneka osalala chifukwa ma eji ake atalikirana mofanana. Tengani silinda ya mbali 16, eji iliyonse ili pa madigiri 22.5 kuchokera kwa inzake. Mukalowetsa lupu pafupi ndi imodzi mwa izo kuti igwire kabowo ka USB, lupu yatsopanoyo imagwera pa fesi yathyathyathya, siili pa bwalo lenileni, komanso mwaika ma eji awiri moyandikana, ndipo tanena kale kuti ma eji oyandikana amapanga kona. Ndiye mwathwetsa malo omwe simumafuna, kuchokera pa bowo mpaka komwe lupu ikuthera. Mizere mukuionayo ndi imeneyo.

Mankhwala omwe ine ndimawadalira ndi kuyamba ndi mbali zambiri musanaboole. 32 m'malo mwa 16, nthawi zina 48, kuti ma eji omwe alipo kale akhale iwowo malire a bowo ndi othandizira ake, osaonjezera woimirira wina. Kenako lupu yothandizira muipange ndi inseti mozungulira bowo lokha, isatuluke kukayenda thupi lonse. Ngati bowolo mungalisunthire pamalo athyathyathya, monga kumutu komwe mapoti a USB amakhala kale, lisuntheni, mwapulumuka.

Kuona ngati zili bwino musadalire imvi ya vyupoti, imabisa zambiri. Pitani pa Viewport Shading, Lighting ikhale MatCap, sankhani yonyezimira kapena ya mizeremizere ija, nkumazunguza modelo pang'onopang'ono. Mizere ikamayenda mosalala zili bwino. Ikathyoka kapena kuunjikana pamalo amodzi, pamenepo pali lupu yomwe yapanikiza kapena vetekisi ya ma eji 5 yomwe yakhala pokhota.

Pali njira ina yomwe ndimakonda kasitomala akakhala wosinthasintha maganizo. M'malo modula malupu pamanja, ikani modifaya ya Bevel pamwamba pa Subdivision Surface, osati pansi pake:

```
Limit Method: Weight
Amount: 1 mm
Segments: 2
Profile Shape: 1.0
Miter Outer: Arc
```

Kenako sankhani ma eji ofunika kuthwa nkuika Mean Bevel Weight pa 1 mu panelo ya N. Shape ya 1.0 ndi Segments 2 siidula kona, imasiya eji pomwe inali nkuika lupu mbali zonse ziwiri. Akanena kuti mphepete ifeweko mumangosintha Amount kukhala 1.5 mm, mphindi imodzi, osati kukankha malupu 20 ndi G G. Imavuta pomwe ma eji ambiri akumana pamodzi, pamenepo ndimapanga Apply nkukonza pamanja.

Kirizi ndimaigwiritsa ntchito poyamba penipeni, pamene ndikungofuna kuona maonekedwe meshi ikadali yopepuka, komanso pa zinthu zakutali ndi kamera ndi malo obisika ngati mkati mwa mpata wa pakati pa mapanelo awiri. Nthawi zina ndimaphatikiza, lupu ili patali pang'ono kenako kirizi ya 0.2 kapena 0.3 yongomangitsa, makamaka pokhota pomwe lupu yapafupi ingabweretse mzere. Ikakana kugwira onani Use Creases pansi pa Advanced mu modifaya.

Koma chenjerani potumiza fayilo. Kirizi ndi nambala yokhala pa eji, ndipo OBJ siisunga. Ine zinandichitikira, ndinatumiza meshi yosagawa kwa munthu wina woti akarende mu pulogalamu ina, iye nkuyatsa sabudivizhoni yake, madzulo akunditumizira chithunzi cha sopo yemweyo mukunenayu. FBX ndi USD zimatha kunyamula kirizi, koma pulogalamu yolandira ikhoza kuiwerenga mosiyana ndi Blender, ndiye yesani kaye ndi kiyubu imodzi. Malupu ndi mavetekisi enieni, amafika momwe mwawatumizira. Ngati pawabanki yanuyo ikarendedwa kwina, pangani Apply pa Bevel ija musanatumize, Subdivision Surface muisiye akayatse okha.